Kuyesa lamulo la kuboola denga pa mitengo yakale ya Bitcoin popanda kudzinamiza

Lamulo lomwe tiyese pano ndi lalifupi. Mtengo wa Bitcoin ukatseka tsiku uli pamwamba pa mtengo wokwera kwambiri wa masiku 20 apitawo, timagula. Ukatseka uli pansi pa mtengo wotsika kwambiri wa masiku 10 apitawo, timagulitsa n'kukhala ndi madola athu m'manja. Mtengo wokwera uja tiziutcha denga, wotsikawo tiziutcha pansi. Maganizo amenewa ndi akale kuposa kiripito. Richard Donchian ndi amene anawatchukitsa ku America, ndipo mu 1983 Richard Dennis ndi William Eckhardt anayamba kuphunzitsa gulu la ophunzira awo malamulo a mtundu womwewu, lina la masiku 20 ndi 10, lina la masiku 55 ndi 20. Iwo anali ndi zina zambiri zowonjezera, ife tatengako mtima wake wokha.

Kulemba lamuloli pa kompyuta ndi ntchito ya madzulo amodzi. Chovuta ndi china. Mitengo yakale imakulolani kuyesa kambirimbiri, ndipo mukayesa kokwanira mupeza ndithu manambala amene akanakulemeretsani. Koma manambalawo amakhala atakhotetsedwa kuti agwirizane ndi zimene zinachitika kale, ndipo mawa sazidziwa. Masitepe onse ali m'munsimu cholinga chake ndi kutseka njira zimene kudzinamiza kumeneku kumalowera.

Choyamba: lembani papepala musanaone zotsatira

Tengani kope ndipo mulembe zinthu izi musanatsegule kompyuta: msika ndi `BTCUSDT`, kutanthauza mtengo wa Bitcoin mu USDT, ndalama ya kiripito yotsatira mtengo wa dola, kandulo imodzi, yomwe ndi mzere umodzi wa mitengo, ndi tsiku limodzi, denga ndi la masiku 20, pansi ndi pa masiku 10, timagula kokha osabetcha kuti mtengo utsika, sitikongola ndalama, ndipo timagula kapena kugulitsa pa mtengo wotsegulira tsiku lotsatira. Lembaninso chimene mungachitche kupambana. Mwachitsanzo, lamulo lipindule mutachotsa ndalama zonse zimene msika umadula, ndipo kugwa kwake kwakukulu kukhale kochepa kwambiri poyerekeza ndi kwa munthu amene anangogula n'kusunga. Ikanipo nambala yanu, tinene kuti kusapitirire 50 peresenti.

Patsamba lomwelo siyani malo olembapo kuyesa kulikonse kumene mungachite. Mukasintha 20 kukhala 25, ndi kuyesa kwachiwiri. Mukawonjezera kachinthu kena kosefera, ndi kwachitatu. Kuwerenga kumeneku kukuoneka ngati kopanda ntchito, koma tifika pomwe chiwerengerocho chikhale chofunika kuposa phindu limene likuoneka pa sikirini.

Chachiwiri: pezani mitengo ndipo muiyang'ane bwino

Binance, msika wa kiripito, imapereka mitengo yake yakale kwaulere pa `data.binance.vision`. Pitani ku `spot`, kenako `monthly`, `klines`, `BTCUSDT`, `1d`. Mbiri ya msikawu imayambira mu Ogasiti 2017. Mzere uliwonse uli ndi nthawi yotsegulira, kenako `open`, `high`, `low`, `close` ndi `volume`, kutanthauza mtengo wotsegulira, wokwera kwambiri, wotsika kwambiri, wotsekera ndi kuchuluka kwa zogulitsidwa, ndi zina zimene sitikuzifuna. Lumikizani mafayilo a miyezi yonse akhale fayilo imodzi.

Pali kamsampha apa. Mafayilo akale amalemba nthawi m'mamilisekondi, koma kuyambira pa 1 Januwale 2025 amalemba m'mamaikirosekondi. Mukawasakaniza osasintha, masiku a 2025 atuluka ngati a zaka zakutsogolo kwambiri, kapena pulogalamu ikana. Mukamaliza kulumikiza onani kuti palibe tsiku losowa kapena lobwerezedwa, ndiponso kuti `high` siili pansi pa `close` pamzere uliwonse.

Kandulo ya tsiku imatseka 00:00 UTC, yomwe ndi 2 koloko usiku ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Ngati mukudziwa kuti nthawi imeneyo muzikhala muli mtulo ndipo muziona chizindikiro 6 koloko m'mawa, ndiye kuti mtengo wanu weniweni uzisiyana ndi wa m'mayesowa. Tizilipira zimenezo pa ndalama zodulidwa. Komanso werengerani zonse m'madola. Kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mukawerengera m'makwacha ngakhale lamulo lopanda pake lioneka ngati likupindula, pomwe phindulo ndi la kungosunga dola.

Chachitatu: dulani mbiri pawiri, gawo lina mulitsekere

Zaka za 2018 mpaka 2021 zikhale zophunzirira. Zaka za 2022 mpaka 2024 ziikeni m'fayilo ina, ndipo musaitsegule kufikira sitepe yomaliza. Fayilo yachiwiriyi iyambire miyezi inayi m'mbuyo, cha mu Seputembala 2021, kuti denga ndi pansi zikhale zitawerengedwa kale pofika 1 Januwale 2022. Phindu lake muzidzawerenga kuyambira tsiku limenelo basi.

Ndasankha zaka zimenezi chifukwa gawo lililonse lili ndi nyengo zosiyana. M'gawo loyamba muli kugwa kwa 2018, pomwe Bitcoin inachoka pafupi ndi madola 20,000 mu Disembala 2017 kufika cha pa 3,200 chaka chimodzi pambuyo pake. Mulinso kugwa kwadzidzidzi kwa Marichi 2020, ndi kukwera kofika cha pa 69,000 mu Novembala 2021. M'gawo lotsekedwa muli 2022, chaka chomwe ndalama ya kiripito ya LUNA ndi msika wa FTX zinagwa ndipo mtengo unafika pansi pa 16,000, kenako kukwera komwe kunadutsa 100,000 mu Disembala 2024. Lamulo lotsata kukwera likayesedwa pa zaka zokwera zokhazokha limapambana nthawi zonse, ndipo kupambanako sikukuuzani chilichonse.

Chachinayi: lembani lamulo, ndipo samalani ndi mawa

Khodi yake mu Python ndi pandas ndi iyi, pomwe `df` ndi tebulo la mitengo yanu lokhala ndi mayina `open`, `high`, `low` ndi `close`, ndiponso madeti ngati `index` yake:

```python
import pandas as pd

def yesa(df, n_in, n_out, fee=0.002):
    upper = df["high"].rolling(n_in).max().shift(1)
    lower = df["low"].rolling(n_out).min().shift(1)
    sig = pd.Series(float("nan"), index=df.index)
    sig[df["close"] > upper] = 1
    sig[df["close"] < lower] = 0
    pos = sig.ffill().shift(1).fillna(0)
    r = df["open"].shift(-1) / df["open"] - 1
    return (pos * r - pos.diff().abs() * fee).dropna()
```

Mizere yonse ndi yosavuta kupatula pomwe pali `shift(1)`, ndipo apa ndi pofunika kukhalapo kanthawi. Ziwiri zoyambirira zikuonetsetsa kuti denga ndi pansi za lero zapangidwa ndi masiku a m'mbuyo okha, osaphatikiza lero. Mukaiwala ya pa `upper`, denga liphatikiza `high` ya lero, ndipo popeza mtengo wotsekera sungapose mtengo wokwera wa tsiku lomwelo, lamulo siligula ngakhale kamodzi. Vuto limeneli ndi labwino chifukwa limadziulula lokha.

Yoopsa ndi ya pa `pos`. Chizindikiro chimadziwika tsiku likatseka, ndiye kugula kungachitike potsegulira tsiku lotsatira basi. Mukachotsa `shift(1)` pamenepo, kompyuta ikupatsani phindu la tsiku lomwe mtengo unaboola denga, ngati kuti munagula m'mawa mukudziwa kale mmene tsiku lithere. Ikutulutsaninso m'mawa wa tsiku logwa, mtengo usanagwe. Palibe uthenga wa vuto umene utuluke. Mungoona mzere wa ndalama ukukwera mosalala, malonda ambiri akupindula, kugwa kuli kochepa. Lamulo lotsata kukwera silioneka choncho. Limaluza kawirikawiri, ndipo mzere wake umakhala miyezi yambiri ukutsika pang'onopang'ono. Mukaona zokongola kwambiri, yambani mwafufuza pomwe mawa alowera mu lero.

Njira yotsimikizira ndi yamanja. Sankhani malonda atatu, tsegulani fayilo, werengani nokha masiku 20 m'mbuyo, pezani denga, ndipo muone ngati tsiku logula ndi mtengo wake zikugwirizana ndi za kompyuta.

Nambala ya `fee=0.002` ndi 0.2 peresenti pogula ndi 0.2 pogulitsa. Theka lake ndi 0.1 peresenti yomwe Binance imadula kwa munthu wamba pamsika wogula ndi kugulitsa pompopompo, theka linalo ndi la kusiyana kwa mtengo womwe munauona ndi womwe mwaupeza. Ulendo umodzi wolowa ndi kutuluka ukudya 0.4 peresenti. Ngati malonda ali 6 pachaka, ndi pafupifupi 2.4 peresenti, zomwe n'zopiririka. Koma mutatengera lamulo lomweli pa makandulo a ola limodzi n'kuchita malonda 150 pachaka, ndalama zodulidwa zokha zingadye pafupifupi 45 peresenti ya mpamba. N'chifukwa chake ndikukulimbikitsani kuyambira pa makandulo a tsiku.

Chachisanu: werengani zotsatira ngati munthu wokayikira

```python
ret = yesa(df, 20, 10).loc["2018":"2021"]
eq = (1 + ret).cumprod()
print(eq.iloc[-1] - 1, (eq / eq.cummax() - 1).min())
```

Nambala yoyamba ndi phindu lonse, yachiwiri ndi kugwa kwakukulu kuchokera pachimake. Ziikeni pambali pa za munthu amene anagula tsiku loyamba n'kungosunga. Munthu wosunga Bitcoin anaona ndalama zake zikutsika ndi pafupifupi 84 peresenti kuchokera pachimake cha 2017, ndi pafupifupi 77 peresenti kuchokera pa cha 2021. Ntchito ya lamulo lathu ndi kukutulutsani kugwa kotere kusanafike patali. Ngati silikuchepetsa kugwa ndipo siliposa wosungayo pa phindu, palibe chifukwa chodzivutitsira.

Kenako tulutsani mndandanda wa malonda onse, lililonse ndi phindu lake. Tiyeni tione chimodzi ndi manambala ongoyerekeza. Denga lili pa 30,000, tsiku latseka pa 30,600, ndipo m'mawa mwake mwagula pa 30,610. Mtengo sunapitirire, wabwerera, ndipo patapita milungu iwiri watseka pansi pa mtengo wotsika wa masiku 10. Mwagulitsa pa 28,900. Kutayako ndi 5.6 peresenti, kuwonjezera 0.4 yodulidwa, yakwana 6. Pa madola 1,000 mwatsala ndi 940. Kuboola kwabodza kotere ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku cha lamuloli.

Tsopano yerekezani malonda 10. Asanu ndi awiri ataya 6 peresenti lililonse, atatu apindula 8, 15 ndi 60 peresenti. Otayawo asiya 0.648 ya mpamba. Mukachulukitsa ndi 1.08, 1.15 ndi 1.60 mupeza 1.29, kutanthauza phindu la 29 peresenti. Chotsani lija la 60 peresenti lokha, mutsala ndi 0.81, kutaya kwa 19 peresenti. Malonda amodzi ndi amene asenza zonse.

Izi sizikutanthauza kuti lamulo ndi loipa, ndi mmene malamulo otsata kukwera amakhalira. Koma zikuonetsa kuchepa kwa umboni umene tili nawo. Zaka zinayi ndi masiku oposa 1,400, ndipo munthu angaganize kuti ndi umboni wochuluka. Umboni weniweni ndi malonda, omwe musadabwe akakhala makumi awiri kapena atatu okha, ndipo mwa amenewo odzetsa phindu lalikulu ndi owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Bwerezani chiwerengero chanu mutachotsa malonda opambana kwambiri, kenako awiri opambana kwambiri, ndipo mulembe zotsalazo m'kope.

Chachisanu ndi chimodzi: sinthani manambala, koma osati kuti mupeze opambana

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokera. Mwaona kuti 20 ndi 10 apindula mwakuti, ndipo mtima ukufunsa kuti nanga 25, nanga 37. Mulemba khodi yoyesa denga kuyambira 10 mpaka 100 modumpha asanuasanu, ndi pansi kuyambira 5 mpaka 50 chimodzimodzi. Awa ndi manambala 19 kuchulukitsa ndi 10, malamulo 190. Limodzi lituluka pamwamba ndi phindu losiririka.

Ganizirani anthu 190 atakhala pabwalo, aliyense n'kuponya kobiri m'mwamba ka 10. Mwayi woti munthu mmodzi apeze mbali imodzi yomwe tasankha ka 9 kapena ka 10 ndi 11 mwa 1,024, pafupifupi 1 peresenti. Pa anthu 190 tiyembekezere anthu awiri otere. Palibe luso lililonse m'manja mwawo, ndipo mukawauza aponyenso apeza zofanana ndi wina aliyense. Lamulo lopambana mwa 190 lili ndi gawo lalikulu la mwayi womwewu. Mwina linapambana chifukwa pansi pake panatuluka tsiku limodzi kugwa kwa Marichi 2020 kusanafike poipa, kapena denga lake linalumpha kuboola kwabodza kuwiri. Zochitikazo sizidzabweranso mofanana. Uku ndiye kufunika kwa chiwerengero cha m'kope chija: phindu la lamulo loyesedwa kamodzi ndi phindu lomwelo la lamulo losankhidwa mwa 190 si umboni wolemera mofanana.

Tebulo la malamulo 190 lili ndi ntchito, koma ntchito yake ndi kuona oyandikana. Ikani denga m'mizere yopingasa, pansi m'mizere yotsika, phindu m'mabokosi. Ngati 20 ndi 10 apindula, nanga 15 ndi 10, 25 ndi 10, 20 ndi 15? Akamafanana, ndiye kuti maganizo a lamuloli ali ndi maziko ndipo nambala yeniyeni siili ndi kanthu kwenikweni. Koma ngati bokosi la 35 ndi 15 likuwala lokha pomwe 30 ndi 40 akutaya, limenelo ndi mwayi, lisiyeni ngakhale likope bwanji. Nambala imene ine ndimaikhulupirira kwambiri patebulo lonse ndi yapakatikati, ya lamulo lomwe theka la anzake lili pamwamba pake ndipo theka lili pansi. Imeneyo ikakhala yotaya, banja lonse la malamulowa silikugwira ntchito pa msikawu.

Kuwonjezera zosefera ndi msampha womwewo, wangovala zina. Mwaona malonda atatu otaya mu 2019, ndiye mwawonjezera kuti tizigula kokha `volume` ikakwera, kapena tisagule Loweruka ndi Lamlungu. Atatuwo asowadi, chifukwa mwapanga chosefacho mukuwayang'ana. Pa malonda makumi ochepa, manambala awiri osintha ndi okwana kale. Lachitatu lilowe pokhapokha mungafotokoze chifukwa chake popanda kutchula tsiku lililonse la m'mbiri.

Ngati mukufunabe kusankha manambala kuchokera m'mbiri, yesani kasankhidweko. Sankhani opambana pa 2018 ndi 2019, muwagwiritse ntchito pa 2020. Sankhaninso pa 2018 mpaka 2020, muwagwiritse pa 2021. Zotsatira za 2020 ndi 2021 zokhazo ndizo zowerengedwa. Zikalephera kuposa 20 ndi 10 osasinthasintha, kusankhako sikunakupatseni kanthu. Onaninso ngati manambala opambana akudumpha, chaka china 15, china 80. Akamatero ndiye kuti palibe nambala yabwino imene mukuitsata.

Mayeso ena awiri ndi achangu. Chulukitsani `fee` kawiri, kenako chedwetsani kugula ndi kugulitsa ndi tsiku limodzi posintha `shift(1)` ya pa `pos` kukhala `shift(2)`. Lamulo lolimba lichepa phindu koma silifa. Yesaninso manambala omwewo pa `ETHUSDT`, msika wa ndalama ya Ether, osasintha kanthu, podziwa kuti ndi umboni wochepa popeza ndalama ziwirizi zimakwera ndi kugwa pafupifupi limodzi. Ndipo musatenge ndalama 10 zazikulu za lero n'kuziyesa m'mbuyo, chifukwa mndandanda wa lero uli ndi opulumuka okha. Munthu wa kumayambiriro kwa 2022 akanakhala ndi LUNA pamndandanda wake, ndipo mu Meyi inatsala pafupifupi yopanda mtengo.

Chachisanu ndi chiwiri: tsegulani fayilo yotsekedwa, kamodzi

Lembani m'kope lamulo lomaliza ndi manambala ake, kenako liyendetseni pa 2022 mpaka 2024. Yembekezerani zotsatira zochepa kuposa za gawo loyamba, n'zachizolowezi. Funso ndi lija munalemba pachiyambi: kodi lapindula mutachotsa zodulidwa, ndipo kugwa kwake kwakhala mkati mwa malire anu? Onaninso ngati kuchuluka kwa malonda pachaka ndi kukula kwa kutaya kukufanana ndi za zaka zophunzirira. Zikasiyana kwambiri, bwererani ku deta musanakhulupirire chilichonse.

Likalephera, lalephera. Mtima udzakuuzani kuti mungosintha 10 kukhala 15 n'kuyesanso, ndipo mwina zidzaoneka bwino. Koma mukatero fayilo ija yasanduka yophunzirira, ndipo mulibenso china choyesera. Mungathe kuyamba maganizo atsopano, koma mulembe m'kope kuti zaka zimenezi mwaziona kale, ndipo chitsimikizo chidikire mitengo imene simunaigwirepo, kuyambira 2025 kupita mtsogolo.

Ngakhale likapambana, pali malire ena oti muwavomereze. Fayilo yotsekedwayo si yobisika kwenikweni, chifukwa tonse tikudziwa kuti 2022 inagwa ndipo 2024 inakwera, ndipo chidziwitso chimenecho chinalowa kale posankha lamulo lotsata kukwera. Mayesowa sakudziwanso kuti msika womwe mwasungako ndalama ukhoza kutseka zitseko ngati FTX mu Novembala 2022, kapena kuti USDT ikhoza kusiyana ndi dola kwakanthawi.

Choncho sitepe yotsatira isakhale kuika ndalama. Kwa miyezi isanu ndi umodzi, m'mawa uliwonse lembani denga, pansi, mtengo wotsekera, chimene lamulo likunena, ndi mtengo umene mukanaupeza pa ola lomwe mwadzuka. Popeza malonda ndi ochepa, miyezi imeneyi siitsimikiza kuti lamulo limapindula. Idzakuonetsani zinthu ziwiri zina: ngati 0.2 peresenti ija ikukwanira kusiyana kwa mtengo wa 2 koloko usiku ndi wa m'mawa, ndiponso ngati inuyo mungagulebe lamulo likanena kuti gulani mutataya katatu motsatizana. Mukadzayamba ndi ndalama zenizeni, tengani kugwa kwakukulu komwe mayeso anaonetsa, mukuchulukitse ndi 1.5, ndipo muike mpamba womwe mungapirire kuuona utatsika motero. Ngati mayeso anaonetsa 40 peresenti, konzekerani 60, kutanthauza madola 600 pa 1,000 iliyonse.